ZA ALIMI: Kodi Ltd ndi PLC Kumapeto kwa Dzina la Kampani Zitanthauzanji?

Anzanga alimi, nyengo yokolola yafika, ndipo magalimoto a ogula mbewu ayamba kale kulowa m'midzi mwathu. Mlungu uno sindinena za nkhokwe kapena za anankafumbwe monga ndichitira masiku onse. Ndifuna tione timalemba ting'onoting'ono timene tikhala kumapeto kwa dzina la wogula, pa chitseko cha galimoto lake, pa chidindo chake ndi pa lisiti limene akupatsani. Ambiri a ife tiwerenga dzina lalikulu lokha, ndipo timalembato tingotilumpha, tiyesa n'tokometsera dzina chabe. Chonsecho ndi timeneto timene tikuuzani amene mudzamgwira ngati ndalama zanu sizibwera.

Chandilembetsa nkhaniyi ndi funso la mkulu wina wa kalabu ya alimi kudera kumene ndigwira ntchito. Kalabu yawo inapereka soya pa ngongole kwa kampani ina yogula mbewu, ndipo ndalama sizinabwere. Mkuluyo anandipeza pa msonkhano nati, "Alangizi, bambo uja timdziwa bwino. Nyumba yake ya malata tiidziwa, ng'ombe zake tiziona tsiku ndi tsiku. Nanga bwanji atiuza kuti sitingathe kumlanda kanthu?" Ndinawapempha lisiti lija, ndipo nditaona dzina ndinapeza kuti lithera ndi malemba atatu awa: Ltd. Yankho lonse linali pamenepo.

Ltd ndi chidule cha liwu lachingerezi lakuti Limited, limene ife tilitchula kuti limitedi, ndipo litanthauza chinthu chokhala ndi malire. Tsono apa mumvetsetse, pakuti ambiri asokonezeka. Chimene chili ndi malire si ngongole ya kampani ayi. Kampani iyenera kubweza ngongole yake yonse, kufikira tambala lomaliza limene ili nalo. Chimene chili ndi malire ndi udindo wa eni ake a kampaniyo. Munthu akafuna kukhala mwini wa kampani agula magawo ake, amene tiwatcha masheya. Akalipira masheya akewo mokwanira, pamenepo wafika pa malire, ndipo kampani ikagwa iye ataya ndalama zokhazo zimene anaikamo. Ngati analonjeza kugula masheya a K500,000 koma analipira K300,000 yokha, adzamuitanitsa K200,000 yotsalayo basi. Nyumba yake, munda wake ndi ng'ombe zake sizilowamo.

Chifukwa chake n'chakuti pamaso pa lamulo kampani yolembetsedwa ndi munthu payokha, wosiyana ndi anthu amene anaiyambitsa. Ilibe manja kapena miyendo, komabe itha kugula galimoto m'dzina lake, itha kukongola ku banki, itha kusuma mlandu ndiponso itha kusumiridwa. Bambo amene abwera ndi sikelo pakhomo panu angakhale mwini wake wa masheya onse, angakhalenso bwana woyendetsa kampaniyo, koma pamene asaina pepala m'malo mwa kampani, wogula soya wanu si iyeyo. Wogula ndi kampani.

Zimenezi sizinayambe kuno kwathu. Malamulo athu a makampani tinatengera ku Mangalande, kumene nyumba ya malamulo inaloleza eni makampani kukhala ndi malire otere mu 1855, ndipo inalamula kuti liwu lakuti Limited lizikhala kumapeto kwa dzina kuti aliyense wochita nawo malonda achenjere. Kotero timalembato anatiika chifukwa cha inu amene mukongoza, kuti mudziwiretu. Panali mlandu wina wotchuka umene maloya onse auphunzira kufikira lero. Mu mzinda wa London munali munthu wosoka nsapato zachikopa, dzina lake Aron Salomon. Mu 1892 iye anasandutsa malonda ake kukhala kampani ya Limited. Masheya onse anali 20,007, ndipo iye mwini anatenga 20,001. Asanu ndi limodzi otsalawo anagawira mkazi wake ndi ana ake asanu, aliyense limodzi. Posakhalitsa malonda anavuta ndipo kampani inagwa ili ndi ngongole. Amene anakongoza kampaniyo anati, kampani imeneyi ndi Salomon yemweyo, wangovala chovala china, alipire ndi chuma chake. Makhoti awiri oyamba anavomerezana nawo. Koma mu 1896 khoti lalikulu koposa la dzikolo linagamula kuti kampaniyo inalembetsedwa motsata lamulo, kotero ndi munthu wina, ndipo Salomon alibe mangawa pa ngongole zake. Mfundo imeneyi ndi imene makhoti athu atsata.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi, kuti muone m'mene zikhalira kampani yotere ikagwa ili ndi mbewu zanu. Manambala awa ndi oyerekeza chabe, ndawasankha kuti masamu asavute. Tinene kuti kalabu ili ndi alimi 20, ndipo aliyense wapereka matumba 10 a soya a makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi matumba 200. Mwapangana K50,000 pa thumba, ndiye kuti kalabu iyembekeza K10,000,000, mlimi aliyense K500,000. Wogula wanena kuti alipira pakatha mwezi, akagulitsa ku tauni. Mwezi watha, wachiwiri watha, kenaka mumva kuti kampani yatsekedwa ndipo paikidwa munthu wogulitsa katundu wake kuti alipire angongole.

Munthu ameneyu asonkhanitsa zonse zimene zili m'dzina la kampani, lole, sikelo, nyumba yosungiramo mbewu ndi mbewu zotsala, nazigulitsa. Tinene kuti apeza K30,000,000. Mukamva chiwerengero chimenechi mitima ikhala pansi, muti zathu K10,000,000 zikwanira bwino lomwe. Koma angongole sadyera mbale imodzi, ali ndi mzere wawo. Banki inakongoza kampaniyo K18,000,000 ndipo inagwira lole ndi nyumba ija ngati chikole, kotero itenga zake pa mtengo wa zinthu zimenezo inu musanaoneko kanthu. Pambuyo pake pali malipiro a ntchito yotseka kampaniyo, malipiro a antchito amene sanalandire, ndi misonkho ya boma. Tinene kuti zimenezi zadya K6,000,000. Zatsala K6,000,000. Inu muli m'gulu lomaliza, la anthu amene anakongoza popanda chikole, ndipo simuli nokha. Muli ndi makalabu ena, wogulitsa matumba, wogulitsa mafuta a galimoto, ndipo nonse pamodzi mufuna K60,000,000. Ndalama zotsalazo azigawa molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense, ndiye kuti pa kwacha iliyonse mulandira matambala 10. Kalabu ilandira K1,000,000. Mlimi amene anapereka matumba 10 alandira mtengo wa thumba limodzi.

Ndipo bambo uja adzapitirira kuyenda pa msewu ndi galimoto lake laling'ono, chifukwa galimotolo lili m'dzina lake osati m'dzina la kampani. Ndidziwa kuti zimenezi ziwawa kumva, ndipo ine ndemwe pamene ndinali kufotokozera mkulu wa kalabu uja ndinasowa poyang'ana. Koma sindinena kuti lamuloli n'loipa. Popanda malire amenewa anthu ochepa okha akadalimba mtima kuika ndalama zawo m'fakitale ya shuga kapena ya mafuta ophikira, poopa kuti malonda akavuta adzagona panja ndi ana awo. Sindinenanso kuti kampani ya Ltd ndi ya akuba. Makampani ambiri amene agula fodya, thonje ndi mtedza wathu ndi a Limited, ndipo alipira bwino chaka ndi chaka. Chimene ndinena n'chakuti musayeze kampani poyang'ana chuma cha mwini wake.

Alipo malo pamene malirewa sateteza munthu. Ngati bwana wa kampani anatenga mbewu zanu mwachinyengo, ali kudziwa kuti kampani yake yatha kale ndipo sidzalipira, khoti litha kumlamula kuti alipire ndi chuma chake. Koma chinyengo chifunika umboni, ndipo umboni ufunika loya ndi masiku ambiri oyenda ku khoti, zinthu zimene mlimi wa matumba 10 sangazithe yekha. Njira yapafupi ndi imene mabanki atsata. Banki ikamakongoza kampani yaing'ono kawirikawiri iuza mwini wake kuti asaine pepala lina lolonjeza kuti kampani ikalephera adzabweza iye mwini. Inunso mutha kupempha zomwezo. Polemba pangano, pakhale mawu akuti iye, potchula dzina lake lenileni, avomera kulipira kalabu ndi chuma chake ngati kampani silipira pofika tsiku lakuti, ndipo asaine kawiri, kamodzi m'malo mwa kampani ndi kamodzi m'dzina lake, pamaso pa mboni. Akakana, mwaphunzirapo kanthu za m'mene iye mwini aikhulupirira kampani yake.

Tsopano tione za PLC, imene ena alemba ndi malemba aang'ono kuti plc. Malemba amenewa aimira mawu akuti Public Limited Company. L wapakatiyo ndi Limited yemwe uja, kotero zonse ndanena za malire zigwiranso ntchito pano. Kusiyana kuli pa liwu loyambalo. Kampani ya Ltd kuno kwathu kawirikawiri ndi ya anthu ochepa odziwana, banja limodzi kapena mabwenzi, ngakhale munthu mmodzi yekha, ndipo siloledwa kuitana anthu onse kuti adzagule masheya ake. Kampani ya PLC iloledwa kugulitsa masheya kwa anthu wamba, aliyense amene ali ndi ndalama. Ku Mangalande malemba amenewa anayamba ndi lamulo la 1980. Kuno ku Malawi anabwera ndi lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, ndipo n'chifukwa chake makampani amene kale tinkawadziwa ndi Limited anasintha mathero a maina awo. Lero tiwerenga National Bank of Malawi plc, Press Corporation plc, ndi Illovo Sugar (Malawi) plc, imene alimi a nzimbe a ku Nchalo ndi ku Dwangwa aidziwa bwino.

Cholakwa chimene ndimva kawirikawiri n'chakuti PLC ndi kampani ya boma, poti anthu amva liwu loyamba lija naganiza za sukulu ndi zipatala za boma. Si choncho ayi. Taonani ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo mwini wake ndi boma, dzina lake lonse ndi ADMARC Limited. Pamene Illovo ndi plc koma si ya boma. Kotero malembawa sakuuzani ngati boma lili kumbuyo kwa kampaniyo, ndipo musaganize kuti PLC ikalephera kukulipirani boma lidzabweza.

Nanga PLC ikuuzani chiyani chothandiza? Popeza itenga ndalama za anthu ambiri osadziwana, lamulo liiyang'anira kwambiri kuposa kampani ya banja. Mabuku ake a ndalama ayenera kufufuzidwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa kampaniyo, ndipo eni masheya aitanidwa ku msonkhano chaka chilichonse kukamva m'mene zinthu zayendera. Ena mwa makampani amenewa ali pa msika wa masheya wa ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, kumene kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996. Amene ali pa msika umenewo asindikiza zotsatira za malonda awo m'nyuzipepala, kotero mwana wanu wa ku sekondale atha kukuwerengerani ngati kampani yapindula kapena yaluza. Koma si PLC iliyonse imene ili pa msikawo, ndiponso PLC nayo itha kugwa monga kampani ina iliyonse. Ikagwa, mzere wa angongole ndi womwe uja, ndipo mlimi wopanda chikole ali kumapeto komwe kuja.

Pali mbali ina yokoma. Ngati inu mwagulitsa fodya bwino nimugula masheya a K100,000 m'kampani ya PLC, malire aja atetezanso inu. Kampani ikapindula mutha kulandirako gawo la phindu. Ikagwa mwataya K100,000 yanuyo, koma palibe adzabwera kudzatenga mbuzi zanu chifukwa cha ngongole za kampaniyo. Chimodzimodzi ndi makopaletivu athu olembetsedwa, amene maina awo athera ndi Cooperative Society Limited. Amenewa alembetsedwa pansi pa lamulo lawolawo, osati la makampani, ndipo pa msonkhano membala aliyense ali ndi voti imodzi ngakhale masheya ake achuluke bwanji. Koma Limited wakeyo atanthauza zomwezo.

Nanga dzina likakhala lopanda Ltd kapena PLC? Pa misika yathu tiona zikwangwani zambiri zothera ndi Enterprises, Investments, Traders, General Dealers, kapena and Sons. Mawu amenewa amveka aakulu koma paokha sanena kanthu za lamulo, ndi zokometsera dzina chabe. Munthu atha kulembetsa dzina la malonda ku boma napatsidwa satifiketi yokongola yopachika pa khoma, koma kulembetsa dzina si kupanga kampani. Malonda otere ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi. Ngongole ya sitolo ndi ngongole yake, ndipo mukapambana mlandu ku khoti katundu wake weniweni atha kugwidwa ndi kugulitsidwa. Akakhala awiri kapena atatu ochita malonda pamodzi osalembetsa kampani, ngongole ya malondawo igwera onse, ndipo mmodzi akathawa otsalawo sapulumuka. Apa mungaganize kuti wopanda Ltd ndiye wabwino kumkongoza. Pa pepala inde, koma venda amene chuma chake chonse ndi njinga ndi sikelo ya m'manja, ngakhale udindo wake ulibe malire, mudzamlanda chiyani?

Inu amene muli ndi ana ogwira ntchito kunja, kapena mugulitsa mbewu cha kumalire, dziwani kuti malembawa asintha dziko ndi dziko. Ku Zambia afanana ndi kwathu, monga Zambia Sugar Plc. Koma ku Joni, kampani ya anthu ochepa ilemba Pty patsogolo pa Ltd, ndipo Ltd yekha wopanda Pty ndiye aimira kampani yogulitsa masheya kwa anthu onse. Ku Zimbabwe kampani ya anthu ochepa ilemba Pvt patsogolo pa Ltd. Ku Mozambique, kumene malamulo anachokera kwa Apwitikizi, mudzaona Lda pa makampani ang'onoang'ono ndi S.A. pa aakulu.

Tibwerere ku lisiti lija. Pamene ndinaliyang'anitsitsa ndinapeza chinthu china chimene kalabu sinachione. Dzina la pa chitseko cha lole ndi dzina la pa chidindo zinali zofanana poyambira koma zosiyana pothera, lina linali la kampani ya zamtengatenga, lina la kampani yogula mbewu. Mwini wake anali mmodzi, koma pa lamulo amenewa ndi anthu awiri. Alimi anaona lole yaikulu nati wogula uyu ndi wolemera, osadziwa kuti loleyo ndi ya kampani imene ilibe nawo ngongole. Kotero wogula akafika, mlembi wa kalabu alembe dzina lonse monga lili pa satifiketi ya kampani, osasiya chilembo ngakhale chimodzi, pamodzi ndi nambala yake yolembetsera. Dzina lomwelo likhale pa pangano, pa chidindo ndi pa lisiti la sikelo. Ngati mbewu ndi zambiri, tumani munthu kapena pemphani mlangizi wanu akuthandizeni kufunsa ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ngati kampaniyo ilikodi ndi amene aiyendetsa, pakuti alipo ena amene angolemba Ltd pa chikwangwani osalembetsa, chinthu chimene lamulo liletsa.

Wogula wachilendo musampatse matumba onse 200 tsiku limodzi. Mpatseni 50, alipire, ndipo abwerenso kudzatenga ena. Ndipo ngati zavuta kale monga zinavutira kwa anzathu aja, musataye masiku kukhala pa khomo la bambo uja. Funsani dzina la munthu amene waikidwa kutseka kampaniyo, mumtumizire kalata yonena ndalama zimene kampani ili nazo kwa inu, pamodzi ndi mapepala ojambulitsa a pangano ndi malisiti onse, enieniwo musunge nokha. Iye alengeza tsiku lomaliza lolandira makalata otere, kawirikawiri m'nyuzipepala, ndipo wochedwa atha kuphonya ngakhale matambala 10 aja.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi